Amalonda Akapangana Mtengo Kuseri, Wolipira ndi Wogula

Mu Disembala 2006, kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, anthu amene ankapikula buledi m'mabekale akuluakulu a m'chigawo cha Western Cape ku South Africa analandira uthenga wowawa. Buledi akwera mtengo, ndipo kuchotsera komwe opikulawo ankapatsidwa pa lofu iliyonse kuchepa. Kukwera kwa mtengo sikunali kwachilendo. Chodabwitsa chinali chakuti mabekale atatu opikisana, omwe tsiku lililonse amalimbirana ogula, ananena zofanana sabata imodzimodziyo. Wopikula akati athawe bekale iyi napita ku inayo, ankapeza mawu omwewo.

Mmodzi mwa opikulawo, bambo Imraahn Mukaddam a ku Cape Town, sanangodandaulira m'mimba. Anakatula nkhaniyi ku bungwe loona za mpikisano pa malonda m'dzikomo, la Competition Commission. Kafukufuku amene anatsatira anavumbula chimodzi mwa ziwembu zodziwika kwambiri za amalonda kuno kummwera kwa Africa, ndipo nkhani yake ndi yothandiza kwa ife chifukwa ikuonetsa bwino mmene kupangana mitengo kumachitikira, mmene kumagwidwira, ndi chilango chimene chimatsatira.

Zomwe anapangana ophika buledi

Makampani amene anakhudzidwa anali anayi. Tiger Brands inkaphika buledi wa Albany, Premier Foods wa Blue Ribbon, Pioneer Foods wa Sasko, ndipo Foodcorp wa Sunbake. Abale athu amene akhalako ku Joni mayina amenewa akuwadziwa, chifukwa ndi buledi amene amamwera tiyi mmawa uliwonse. Ku Western Cape chiwembu chinali cha makampani atatu oyambawo, koma ofufuza atakumba mozama anapeza kuti kupangana kunalipo m'madera ena a dzikolo kwa zaka zingapo, ndipo kumeneko Foodcorp nayo inalimo.

Mabwana a mabekalewo ankakumana n'kugwirizana zinthu zitatu. Choyamba, kuti mtengo ukwere ndi ndalama zingati komanso tsiku liti. Chachiwiri, kuti wopikula asachotseredwe kupitirira malire akutiakuti pa lofu. Chachitatu, kuti pasapezeke bekale yolandira wopikula amene wathawa kwa mnzake.

Mfundo yachitatuyi ndi yomwe ikuonetsa mtima weniweni wa chiwembu. Pamsika pomwe pali mpikisano, wogulitsa akakweza mtengo amagona tulo tochepa, chifukwa akudziwa kuti ogula ake akhoza kupita kwa mnzake. Mantha amenewo ndiwo amateteza wogula. Ndiwo amachititsa mwini bekale kufunafuna ufa wotsika mtengo, kusamala magetsi ndi kukonza buledi wabwino. Opikisana akapangana kuti sadzalandana makasitomala, mantha aja amatha. Aliyense amakweza mtengo mtima uli m'malo, podziwa kuti wogula alibe kothawira.

Mlandu unasweka chifukwa mmodzi mwa opanganawo anaulula. Premier Foods inapita kwa ofufuza, inavomera mbali yake ndi kupereka umboni wa misonkhano ija, ndipo inakhululukidwa chindapusa potsatira ndondomeko yoti woyamba kuulula asalangidwe. Tiger Brands inavomera kulakwa mu 2007 n'kulipira marandi 98.8 miliyoni. Foodcorp inatsatira mu 2009 ndi marandi 45.4 miliyoni. Pioneer Foods inakana mlandu mpaka kubwalo la milandu ya mpikisano, la Competition Tribunal, komwe mu Febuluwale 2010 inapezeka yolakwa n'kulamulidwa kulipira marandi 195.7 miliyoni. Wovomera msanga analipira zochepa, wokakamira analipira zambiri, ndipo woulula sanalipire kanthu.

Kufanana kwa mitengo pakokha si mlandu

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ambiri timasokoneza zinthu ziwiri. Munthu akazungulira msika wa Limbe kapena wa Lilongwe n'kupeza kuti mulu wa tomato uli pa mtengo umodzi paliponse, kapena kuti mashopu onse akweza mafuta ophikira sabata imodzi, sizitanthauza kuti pali chiwembu. Amalonda amapikula malo amodzi, amalipira galimoto zofanana, ndipo kwacha ikagwa mphamvu imagwera onse. Mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja anakwera pafupifupi m'sitolo iliyonse. Wamalonda kuyang'ana mtengo wa mnzake n'kusankha yekha kuutsatira si kulakwa.

Palinso mitengo imene imaikidwa mwalamulo. Mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini umalengezedwa ndi bungwe la MERA, n'chifukwa chake malo omwetsera mafuta amagulitsa mofanana. Unduna wa Zamalimidwe nawo umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira pogula mbewu kwa alimi. Zimenezi zimachitika poyera, pansi pa lamulo, ndipo amene waika mtengo akudziwika.

Chimene lamulo likuletsa ndi pangano pakati pa opikisana. Panganolo silifunika kukhala lolembedwa kapena losainidwa. Kukambirana pa foni, uthenga pa gulu la WhatsApp, kapena kumvana pa msonkhano wa bungwe la amalonda, zonsezi zikukwanira. Silifunikanso kutchula mtengo womaliza. Kugwirizana kuti aliyense akweze ndi 10 peresenti, kuti pasakhale wogulitsa pansi pa mtengo wakuti, kapena kuti kuchotsera kuthe, ndi mlandu womwewo. Abale ake a mchitidwewu ndi kugawana madera kapena makasitomala, kugwirizana zochepetsa katundu pamsika kuti mtengo ukwere, ndi kupangana pa matenda a boma kuti lero apambane uyu, mawa uyo, enawo akungolemba mitengo yokwera mwadala kuti zioneke ngati panali mpikisano.

Ogula nawonso akhoza kupangana. Mavenda ogula soya kapena nandolo pa msika wa kumudzi akakhala pansi mmawa n'kugwirizana kuti lero pasapezeke wogula kupitirira mtengo wakuti pa kilogalamu, alakwa chimodzimodzi ndi ophika buledi aja. Kusiyana kwake n'kwakuti wopsinjidwa ndi mlimi, amene wanyamula thumba lake mtunda wautali ndipo sangabwerere nalo kunyumba.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti pali utsi wa chiwembu? Chizindikiro choyamba ndi kukwera kwa mitengo tsiku limodzi ndi ndalama zofanana ndendende, pomwe palibe chimene chakwera pa zopangira katunduyo. Chachiwiri ndi mitengo imene imakwera msanga zopangira zikakwera, koma osatsika kwa aliyense zopangirazo zikatsika. Chachitatu ndi wogulitsa amene akukana kasitomala wa ndalama m'manja ponena kuti dera limenelo ndi la mnzake. Chachinayi, chomwe chimamveka kawirikawiri, ndi mawu akuti "bungwe lathu ndi lomwe lanena mtengo umenewu". Zizindikiro zimenezi si umboni wokwanira kumanga munthu, koma ndi zokwanira kuyambitsa kafukufuku.

Mabungwe a amalonda asamale

Kuno kwathu vuto la mabungwe a amalonda ndi lalikulu, chifukwa ambiri amapangana mitengo poyera osadziwa kuti akulakwa. Mafuta akakwera, tinazolowera kumva kuti eni minibasi akumana ndipo alengeza mitengo yatsopano ya maulendo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina lachidule loti CFTC, linalamulapo bungwe la eni minibasi kuti lisiye kuikira mamembala ake mitengo. Ambiri anadabwa, chifukwa ankaona ngati kulengeza mtengo umodzi ndi dongosolo labwino.

Zoona, mutu umodzi susenza denga, ndipo amalonda ali ndi ufulu wokhala ndi bungwe. Akhoza kudandaulira boma pamodzi za misonkho, kuphunzitsana ntchito, kapena kugwirizana za ukhondo ndi chitetezo. Koma mtengo ndi chinthu chimene aliyense ayenera kuwerengera yekha. Mwini minibasi yatsopano yosamwa mafuta ambiri akhoza kunyamula anthu motsika mtengo n'kupezabe phindu. Bungwe likamumanga pa mtengo wa anzake a galimoto zakutha, wokwera amalipirira kulephera kwa ena, ndipo wochita bwino amasowa mphotho yake. Ngakhale bungwe litanena kuti mtengowo ndi wongolangiza chabe, zotsatira zake n'zomwezo, chifukwa mamembala onse amautsatira podziwa kuti anzawo achitanso chimodzimodzi.

Kukula si mlandu, kupondereza ndiye mlandu

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi ya kampani imodzi imene yakula mwakuti sifunikanso kupangana ndi wina aliyense. M'dziko la msika waung'ono ngati Malawi, zimenezi n'zofala. Shuga, simenti, mowa wa m'mabotolo ndi mafoni a m'manja, zonsezi zili m'manja mwa makampani owerengeka. Lamulo silimanga kampani chifukwa chakuti ndi yaikulu. Ngati yakula chifukwa katundu wake ndi wabwino kapena wotsika mtengo, ogula ndiwo aikweza. Mlandu umayamba pamene ikugwiritsa ntchito mphamvu zakezo kutsekereza opikisana nayo kapena kufinya ogula ndi oigulitsa katundu.

Ofufuza amayamba ndi funso lakuti msika wake ndi uti, ndipo kampaniyo ili ndi gawo lalikulu bwanji. Funso limeneli limavuta kuposa mmene limaonekera. Ngati kampani yakweza mtengo ndipo ogula asamukira ku katundu wina wofanana naye, ndiye kuti mphamvu zake n'zochepa. Ngati yakweza koma ogula akungolira n'kumagulabe, chifukwa palibe cholowa m'malo, ndiye kuti ili ndi mphamvu zenizeni. Ku South Africa lamulo limanena kuti kampani yokhala ndi 45 peresenti ya msika imatengedwa kuti ikuulamulira.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha kampani ya ndege ya South African Airways. Pa nthawiyo anthu ambiri ankagula matikiti kudzera kwa maejenti a maulendo. Kampaniyi inakonza zoti ejenti akapitirira chiwerengero chakuti cha matikiti ake, alandire komishoni yowonjezera, ndipo komishoniyo inkawerengedwa pa matikiti onse amene wagulitsa, kuyambira loyamba lenileni. Pongomva zikuoneka ngati mphotho wamba. Koma taganizirani ejenti amene watsala pang'ono kufika pa chiwerengero chija. Kasitomala akafuna tikiti ya kampani yaing'ono, ejentiyo amadziwa kuti akamugulitsa tikitiyo akhoza kutaya ndalama zowonjezera pa matikiti mazanamazana amene wagulitsa kale. Motero ankakankhira makasitomala ku kampani yaikuluyo, ngakhale ndege ina ikhale yotsika mtengo. Kampani yaing'ono sikanatha kubweza ndi mphotho yofanana, chifukwa matikiti ake anali ochepa.

Kampani ya Nationwide Airlines inadandaula, ndipo mu 2005 bwalo lija linapeza South African Airways yolakwa n'kuilipiritsa marandi 45 miliyoni. Nationwide inasiya kuuluka mu 2008. Pa mlandu wotsatira wokhudza mchitidwe womwewo, khoti linaipatsa chipepeso choposa marandi 100 miliyoni mu 2016, koma ndege zake zinali zitaima kalekale. Apa tikuphunzira kuti chilungamo chochedwa sichiukitsa mpikisano umene wafa.

Njira zina zoponderezera zimayenda chimodzimodzi. Kampani yaikulu ikhoza kuuza mwini golosale kuti akangoika katundu wa kampani ina pa shelefu, iyo isiya kumupatsa wake. Ikhoza kugulitsa mwadala pansi pa ndalama zimene yawononga popanga katundu, mpaka wopikisana naye watsopano atatseka, kenako n'kukweza mtengo kuposa kale. Ikhoza kukakamiza wogula kuti akafuna katundu wosowa atengenso wina amene sakumufuna. Ikhozanso kukana kugulitsa zopangira kwa kampani yaing'ono imene ikupikisana nayo pa katundu womalizidwa. Mwa zonsezi, yovuta kuigamula ndi ya kutsitsa mtengo, chifukwa mtengo wotsika ndi chimene mpikisano umafuna. Ofufuza amayenera kutsegula mabuku a kampani ndi kuona ngati ikudziluzitsa mwadala, ndiponso ngati ili ndi mwayi wodzabweza ndalamazo mnzake akachoka pamsika.

Chilango chiyenera kuposa phindu

Wamalonda amene akuganiza zolowa m'chiwembu amawerengera masamu. Tiyeni tiwerengere naye pa chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti mabekale a mumzinda wina apangana kuwonjezera K100 pa lofu, ndipo imodzi mwa iwo imagulitsa malofu 20,000 pa tsiku. Pa tsiku limodzi yapeza K2 miliyoni yomwe sikanaipeza pakanakhala mpikisano. Pa chaka ndi K730 miliyoni. Kwa banja logula lofu imodzi tsiku lililonse, ndi K36,500 pa chaka, ndalama imene imachoka pang'onopang'ono mwakuti palibe amene amaona kuti waberedwa.

Lamulo lakale la mpikisano la dziko lino, la 1998, linkati wolakwa alipire K500,000, kapena ndalama yofanana ndi phindu limene wapeza ngati phindulo laposa pamenepo, komanso akhoza kukhala m'ndende zaka zisanu. Kwa bekale ya m'chitsanzo chathu, K500,000 ndi phindu la maola ochepa. Ndipo kutsimikiza kuchuluka kwa phindu lachinyengo si ntchito yapafupi, chifukwa kumafuna kudziwa mtengo umene ukanakhalapo chiwembu chikanapanda kuchitika.

Kufooka kwina kwa lamulo lija kunaonekera pa mlandu wa Airtel Malawi. Mu 2021 CFTC inalamula kampaniyi kulipira K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Mlanduwo unali wokhudza kachitidwe ka kampani kwa makasitomala, osati kupangana mitengo, koma chigamulo chake chinakhudza milandu yonse. Mu 2023 Khoti Lalikulu linagamula kuti pansi pa lamulo la 1998, CFTC inalibe mphamvu yolipiritsa yokha chindapusa. Bungwelo linatsala ndi mphamvu yofufuza ndi kulamula kuti mchitidwe usiyidwe, koma dzanja lake silinkafikanso m'thumba la wolakwa popanda kudzera kukhoti.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo anakonza zimenezi ndi lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye chaka chomwecho. Tsopano CFTC ikhoza kulipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yagulitsa pa chaka, ndipo munthu payekha mpaka 5 peresenti ya zomwe amapeza pa chaka. Ikhozanso kulamula kuti olakwiridwa abwezeredwe ndalama zawo. Lamuloli linawonjezeranso mlandu wa kupondereza kochitidwa ndi wogula wamphamvu, monga kampani yaikulu imene ikufinya alimi kapena amalonda ang'onoang'ono oigulitsa katundu.

Tibwerere ku bekale ija. Ngati lofu ikugulitsidwa K2,000, malofu 20,000 pa tsiku amabweretsa K40 miliyoni, ndipo pa chaka ndi K14.6 biliyoni. Chindapusa chachikulu koposa chingakhale K1.46 biliyoni, kuwirikiza kawiri phindu lachinyengo la chaka chimodzi. Apa masamu asintha. Dziwani kuti 10 peresentiyo imawerengedwa pa zogulitsa zonse, osati pa phindu, ndipo kwa kampani yambiri ndalama yotere imameza phindu la chaka chathunthu. Komabe chitsanzo chomwechi chikuonetsa malire a chilangochi. Chiwembu chikakhala zaka zitatu chisanagwidwe, bekaleyo yapeza kale K2.19 biliyoni, ndipo ngakhale italipira chindapusa chonse itsalabe ndi kanthu. Motero kukula kwa chindapusa pakokha sikukwanira. Chofunika kwambiri ndi kugwira chiwembu msanga.

N'chifukwa chake mayiko ambiri amakhululukira woyamba kuulula. Anthu opangana zachinyengo sakhulupirirana kwenikweni, ndipo aliyense akadziwa kuti mnzake akhoza kuthamangira kwa ofufuza n'kupulumuka yekha, pangano limayamba kugwedera. Zinachitika ndi Premier Foods, ndipo zinachitikanso ku Zambia mu 2021, pamene bungwe loona za mpikisano kumeneko linalipiritsa makampani a simenti a Lafarge Zambia ndi Mpande Limestone pa mlandu wopangana mitengo, koma linakhululukira Dangote chifukwa chothandiza pa kafukufuku. Chiwembu chikadutsa malire a dziko limodzi, palinso bungwe la mpikisano la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe konkuno, ndipo nalo likhoza kulipiritsa mpaka 10 peresenti ya zogulitsa.

Mbali ya wamalonda ndi ya wogula

Kwa wamalonda, malangizo ake ndi achidule. Mtengo wanu muziwerengera nokha, kuchokera pa zomwe mwawononga ndi phindu limene mukufuna. Musauze wopikisana nanu mtengo umene mukufuna kudzaika mawa, ndipo musamufunse wake. Pa msonkhano wa bungwe wina akayambitsa nkhani ya mitengo, kanani momveka, pemphani kuti kukana kwanuko kulembedwe, ndipo tulukani. Kukhala chete pa msonkhano wotere n'kudzakweza mtengo limodzi ndi anzanu kumatengedwa ngati kuvomereza. Kunena kuti aliyense amachita zomwezo, kapena kuti simunkadziwa lamulo, sikupulumutsa munthu.

Kwa wogula, wopikula ndi mlimi, mphamvu yanu ili pa umboni. Dandaulo lakuti zinthu zakwera mtengo silipita patali. Lomwe limathandiza ofufuza ndi lonena kuti katundu wake ndi uti, makampani ake ndi ati, mtengo unasintha tsiku liti ndipo ndi ndalama zingati, komanso mawu enieni amene wogulitsa ananena. Sungani malisiti, makalata olengeza mitengo ndi mauthenga a pa foni. Ngati mukugwira ntchito m'kampani ndipo mukuona mabwana akukumana ndi opikisana nawo mitengo isanakwere, dziwani kuti umboni wotere ndi womwe umaswa milandu imeneyi.

Lamulo la 2024 lapatsa CFTC mphamvu zimene inkasowa, koma bungweli silingakhale pa msika uliwonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mukaona zizindikiro za chiwembu kapena kampani yaikulu ikutsekereza anzake, lembani zomwe mwaona ndi masiku ake, sonkhanitsani mapepala, ndipo kadandauleni ku CFTC mwamsanga.